Ola Limene Bambo Anati Alonda Moto

Anthu amati ndili ndi mtima wapachala, ndipo sindikana. Koma amene amanena zimenezo sanaimepo pakhonde la ofesi n'kumamva bambo wowabala akunama, maso ali gwa. Ine ndinaimapo.

Nthawi imeneyo ndinali ndi mwana mmodzi, ndipo ndinkasankha fodya pa esiteti ina m'mapiri a ku Ntchisi, chakufupi ndi Kasakula. Zinali zaka zija za chipani chimodzi, pamene munthu wopanda khadi la chipani sankalowa mumsika. Esitetiyo inali ya kampani, koma aliyense ankadziwa kuti kuseri kwa kampaniyo kuli munthu wamkulu wa m'boma, woti dzina lake sitinkalitchula ngakhale kudambo. Bambo anga anali kapitao wa shedi yosankhira fodya, komanso tcheyamani wa nthambi ya chipani kwathuko. Amuna anga anali mkamwini wochokera ku Chisepo. Ankadinda mabelo pa jeke, makina opanikizira fodya, m'shedi momwemo, pansi pa ulamuliro wa apongozi awo.

Amuna angawo anali munthu waulemu wopitirira muyeso, mpaka nthawi zina ndinkapsa nawo mtima. Akakumana ndi mayi anga panjira ankapatukira kutchire ngati aona njoka. Bambo akamalankhula, iwo ankanjuta, chipewa m'manja, maso pansi. Chinthu sankawapatsa bambo pamanja. Ankachiika pansi, n'kubwerera m'mbuyo, bambowo n'kutola okha. Ndikawaseka kuti, "Kodi inu, bambo angawa amaluma?" ankangoti, "Mayi a mwana, pamudzi pano ndine wobwera." Chimene ankachita mosaopa munthu chinali chimodzi chokha, ng'oma. Akaigwira pa chimtali, ngakhale nkhalamba zinkataya ndodo.

M'shedi ya fodya moto unkaopedwa kuposa mfiti. Fodya wouma, ziguduli, fumbi lodzaza m'ming'alu ya matabwa, zonsezo zinkangodikira kambaliwali kamodzi. Ndiye kampani inali ndi lamulo lakuti munthu asawotcherere chitsulo kapena kuyatsa galainda, makina osalazira zitsulo, m'shedi popanda chilolezo cholembedwa. Ife tinkangoti pepala la moto. Amene ankalemba pepalalo anali bambo, chifukwa ndi iwo amene kampani inawaphunzitsa. Pepalalo linkagwira ntchito imodzi, malo amodzi, tsiku limodzi. Pankalembedwa dzina la wowotcherera ndi dzina la mlonda wa moto, munthu woti asagwire china chilichonse koma kuyang'ana kumene mbaliwali zikugwera. Ntchito ikatha, mlondayo sankachoka. Ankakhala ola lathunthu akuzungulira, chifukwa moto wa m'fumbi suyaka pomwepo, umanyeka mwakachetechete. Ola likakwana, kapitao ankabwera, onse awiri n'kuyendera malowo, kenako n'kusaina kuti pepala latsekedwa.

Bambo lamulo limeneli ankalidziwa ngati Pemphero la Ambuye. Ndinawaonapo akubweza wowotcherera wina amene anafuna kuyamba pepala lisanalembedwe. Anamuuza kuti, "Achimwene, kuno si kugalaja. Bwererani." Tsiku limenelo ndinayenda modzitama kuti ndine mwana wa kapitao.

Chaka chimenecho, m'nyengo yozizira, fodya ali pakati posankhidwa, jeke inathyoka. Inali yachitsulo, yomangiriridwa pansi ndi mabawuti m'simenti, moti kuizula kuti ipite ku wekishopu sikunatheke. Anaitanitsa wowotcherera kuchokera ku Mponela, amene anabwera m'mawa ndi makina ake pangolo ya thirakitala. Mlonda wa moto anasankhidwa amuna anga, poti jekeyo inali yawo ndipo ngodya imeneyo ankaidziwa bwino.

M'mawa wonse tinaleka kusankha fodya, tinkangosamutsa katundu. Mabelo tinawakankhira kutsidya lina la shedi, mayadi oposa khumi kuchoka pa jeke. Tinasesa, n'kusesanso, n'kuwaza madzi pansi mpaka fumbi linasanduka matope. Wowotchererayo anapempha thabwa louma loti aimepo, kuopa kugwidwa ndi magetsi pamalo ponyowa. Kuseri kwa jeke kunali khoma la matabwa, ndipo kuseri kwa khomalo kunali kachipinda kosungira zinyenyeswa za fodya. Matumba amene anali pafupi ndi khoma anawachotsa, khomalo analitchinga ndi malata, ndipo mipata ya pansi anaitseka ndi ziguduli zonyowa. Anaika zidebe za madzi, chidebe cha mchenga ndi botolo lofiira lozimitsira moto. Bambo anayendera zonsezo, manja kumbuyo, mpaka kulowa m'kachipinda kaja. Atakhutira analemba mapepala awiri ofanana. Lina analipachika pamsomali pafupi ndi jeke, linzake linatsala m'buku ku ofesi.

Kuwotcherera sikunandiopse kwenikweni. Chimene chinandiimitsa mutu ndi galainda, posalaza pamene anawotcherera paja. Mayo ine! Mbaliwali zinkauluka ngati mankhusu a pamphale kukamawomba mphepo, zina kumenya malata n'kudumpha, zina kukwera mpaka kumitanda ya denga. Amuna anga ankangotembenuza khosi, kutsata iliyonse kumene yagwera, chiguduli chonyowa chili m'manja.

Galainda itangokhala chete, kunja kunamveka hutala ya lole.

Tsikulo kunali msonkhano wa chipani ku Kasakula, kunkabwera mkulu wina wochokera kuchigawo. Tinkadziwa kuti amayi tikavina ndipo nsalu za chipani tinali titavala kale, koma lole tinkaiyembekeza masana. Inafika dzuwa lisanafike pamutu. Anyamata a chipani a malaya ofiira anatsika, n'kuyamba kumenya zitseko ndi zibonga. "Aliyense! Aliyense akwere!" Shedi inakhuthuka ngati thumba lobooka. Wowotcherera uja, poona malaya ofiira, anakulunga mawaya ake mwachangu n'kukakwera thirakitala. Ntchito yake inali itatha, ndipo sindimamuimba mlandu.

Ine ndinabwerera m'shedi kuti ndiwasiyire amuna anga mbatata yowotcha imene ndinamanga pampango, poti ndinkadziwa kuti iwo atsala. Ndinawapeza akuyendetsa kuseri kwa dzanja pamalata aja, kumva ngati pali potentha. Ankanena kuti m'shedi ya fodya mphuno imanama, chifukwa paliponse pamanunkha fodya, ndiye ankadalira dzanja ndi maso. Ndili pomwepo, bambo analowa. Anaima chapatali, atapereka mbali monga ankachitira polankhula ndi mkamwini. Amuna anga ananjuta.

"Akamwini," anatero bambo, "woimba ng'oma uja waledzera, sakutha n'kuima komwe. Amayi a nthambi yanga akavina bwanji pamaso pa alendo? Kwerani lole."

"Ola silinayambe n'komwe, bambo," anayankha amuna anga, mawu ali pansipansi. "Kuseriku sindinazungulireko."

"Wotchi ili pamkono panga, si panu. Pitani. Moto ndilonda ine, ndikupezani ola likakwana."

Mawu amenewa ndinawamva ndi makutu angawa. Pakati pa ine ndi bambo panali mapazi ochepa chabe.

Lamulo linkati mlonda akasinthidwa, dzina la wolowa m'malo lilembedwe papepala, ndipo asaine. Amuna anga ankalidziwa. Ndinawaona akuyang'ana pepala lija pamsomali, kenako cholembera chimene chinali m'thumba la malaya a bambo. Koma ndiuzeni inu, mkamwini wa ku Chisepo, wodya za m'munda wa eni, angatsegule pakamwa n'kuuza apongozi ake kuti sainani apa kuti ndikukhulupirireni? Kumeneko kukanakhala kuwatukwana. Wamkulu sauzidwa. Anangovula wezulo imene mlonda ankavala m'khosi, n'kuiika pansi, n'kubwerera m'mbuyo. Bambo anaitola.

Ku Kasakula fumbi linali koboo. Mbendera, ana asukulu m'mizere, akuluakulu pamipando pansi pa chisakasa. Titalowa m'bwalo, amuna anga anaigwira ng'oma moti ndinaiwala za jeke. Tinazungulira kamodzi, kawiri. Potembenuka kachitatu, maso anga anagwera pachisakasa paja. Bambo anali pomwepo. Anali atavala jekete yawo ya Lamulungu, baji pachifuwa, akugwira chanza alendo ndi manja awiri. Njinga yawo inali itatsamira pamtengo. Kuchoka ku esiteti kufika ku Kasakula panjinga ndi kamtunda ndithu, ndiye ngakhale ine wosavala wotchi ndinadziwa kuti munthuyu ananyamuka fumbi la lole lisanakhazikike.

Ng'oma inaphonya. Amayi anzanga anacheuka, chifukwa ng'oma imeneyo sinkaphonya. Amuna anga nawo anali atawaona. Nkhope yawo inachita ngati yapakidwa phulusa, koma manja anapitiriza. Akanatani? Kusiya ng'oma pakati pa nyimbo yotamanda boma, pamaso pa mkulu wa kuchigawo, kunali kudzikumbira dzenje. Anaimba, ife tinavina, ine misozi ili m'maso, mtima uli ku shedi.

Utsi unaoneka mlendo wamkulu ali pakati polankhula. Unakwera kuseri kwa phiri, wakuda bii, mphepo ya mwera ikuupinda. Anthu anayamba kukodolana ndi zigongono, koma panalibe woima. Tinakhala pansi pomwepo mpaka mkuluyo anamaliza mawu ake ndipo tinawomba m'manja. Pamene lole inkatibweza, denga la shedi linali litagwa kale. Fodya wa chaka chonse anapita. Chitseko anachipeza chili ndi loko, ndipo kiyi wa loko ameneyo ankakhala ndi munthu mmodzi.

Madzulo ake mayi anandiitanira kuseri kwa nkhokwe. Ndinadziwa kuti bambo awauza, chifukwa sanandifunse kanthu.

"Mawa kukakhala mafunso, iwe pakamwa potseka," anatero.

"Amayi, ndinamva ndekha!"

"Unamva chiyani? Fodya ameneyu ukudziwa mwini wake. Akawatenga bambo ako, azing'ono akowa adya chiyani? Chibale n'fupa, sichiola. Mwamuna ungapeze wina."

Ndinawayang'ana mayi anga ngati ndikuwaona koyamba. Munthu amene anawamangira nkhokwe imene tinaima kuseri kwakeyo, amene ankawalimira munda mpaka manja kuchita matuza, lero wasanduka woti ndingapeze wina! Ndinawayankha mawu amene sindingawalembe pano.

Kunyumba ndinawagwira amuna anga malaya. "Mawa mukanene zoona. Mwamva? Mukanene kuti anakutumani ndi bambo." Iwo anangoti, "Bambo ndi munthu wamkulu, akanena okha." Ankakhulupirira zimenezo ndi mtima wonse. Kunena zoona, nanenso pansi pa mtima ndinkakhulupirira. Bambo anali mkulu wa mpingo, munthu amene anandikwapulapo ndili mwana chifukwa chonama za dzira limodzi.

Mafunso anachitikira pakhonde la ofesi. Panali bwana manijala, munthu wa inshuwalansi wochokera ku Lilongwe, wapolisi wa yunifolomu, ndi amuna awiri ovala masuti amene sanadzitchule kuti ndi ndani. Antchito tonse tinakhala pansi pabwalo. Wa inshuwalansi anafotokoza kuti moto unayambira m'kachipinda ka zinyenyeswa, m'munsi mwa khoma la matabwa. Anati mbaliwali ya galainda iyenera kuti inadumpha pamwamba pa malata n'kugwera m'fumbi la mumng'alu, n'kumanyeka pang'onopang'ono. Anati mlonda akanazungulira kuseriko, kapu imodzi ya madzi ikanakwana. Kenako manijala anatsegula buku, n'kuwerenga dzina la mlonda wa moto. Pamalo posaina kuti ola lakwana panalibe kanthu.

"A kapitao," anatero manijala, "munthuyu anachoka bwanji?"

Bambo anaimirira, anakonza jekete. "Bwana, ine ndinamusiya pamoto monga mwa lamulo. Ndinapita ku ofesi kukatenga mbendera. Pobwera ndinapeza m'shedi muli zii, ndinayesa ali kuseri, ndinakhoma chitseko cha kutsogolo kuopa akuba. Ndinati ndikaonekere kumsonkhano, ndibwere kudzatseka pepala. Ndinadabwa kumuona ali pang'oma. Mnyamatayu ng'oma inamulowa m'mutu."

Sindikumbuka kuti ndinaimirira bwanji. Ndinangozindikira ndili pakhonde, mwana kumsana, ndikukuwa. "Bodza! Bambo, bodza limenelo! Munati moto mulonda inu! Wezulo munatola ndinu, ndinalipo ine!"

Bambo sanandiyang'ane. Anauza manijala mofatsa kuti, "Mukhululukireni, bwana. Ndi mwana wanga, koma ndi mkazi wa munthuyu. Mkazi aliyense amaikira kumbuyo mwamuna wake."

Manijala sanali munthu woipa. Anatembenukira kwa amuna anga, amene anali atanjuta pansi pa masitepe. "Iwe, yankha. Kodi a kapitao anakuuza kuti uchoke? Akunama ndi ndani pamenepa?"

Ndinawayang'ana amuna anga. Liwu limodzi lokha linkafunika. Iwo anadzutsa mutu pang'ono, maso awo anafika pa nsapato za bambo, n'kuima pomwepo. Anadikira. Ndikudziwa kuti ankadikira kuti bambo atsokomole, anene kuti iyayi, mwanayu musiyeni. Bambo ankayang'ana kuphiri.

"Dzina lili papepalapo ndi langa, bwana," anatero amuna anga.

"Sindinafunse zimenezo."

"Apongozi anga sindingawatsutse pagulu."

Ha! Ndinafuna kuwamenya ndi chidebe. Ulemu wanji umenewo, wodzipereka wekha ngati mbuzi ya pamaliro? Koma mkwiyo wanga pa iwo unali wa chisoni. Mkwiyo weniweni unali wa pa munthu amene anamva mawu amenewo, n'kuona mwana wa eni akumuphimba ndi thupi lake, koma osagwedezeka ngakhale chikope. Anthu pabwalo paja ambiri ankadziwa zoona. Anaona nthawi imene bambo anafika ku Kasakula, ndipo ankadziwa kuti mkamwini uja sakanasuntha phazi popanda kuuzidwa. Panalibe anatsegula pakamwa. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, makamaka khoswe wovala baji.

Amuna a masuti aja ndi amene anamaliza nkhani. Mmodzi anati munthu wosiya moto dala m'fodya wa akuluakulu si wosasamala chabe, ndi mdani wa chitukuko. Anawakweza amuna anga kumbuyo kwa galimoto. Amuna anga anandiyang'ana, n'kunena kuti, "Mwanayo muzimufunditsa, kukuzizira." Kumene anapita nawo sanatiuze. Anthu ankanong'ona za ndende ya ku Dzaleka, ena ankati kumwera, ndipo ine ndinayenda m'maofesi mpaka zidendene kung'ambika, osapeza wondiyankha.

Ntchito sindinasiye, poti mwana ankafuna kudya. Ndinasamuka pakhomo pa mayi n'kukakhala m'nyumba za antchito. Tsiku lina, pokatenga mphika wanga kwa mayi, ndinaona wezulo ija ili pamsomali kuseri kwa chitseko cha bambo, pamodzi ndi jekete. Sanaitaye n'komwe. Ndinaitenga n'kupita nayo kwa manijala, koma iye anangopukusa mutu. Anati mawezulo pa esiteti ndi ambiri, ndipo nkhaniyo inachoka kale m'manja mwake.

Chaka chotsatira anamanga shedi yatsopano, ya njerwa. Tsiku lotsegulira anatisonkhanitsa tonse, ndipo bambo, amene tsopano anali kapitao wamkulu wa esiteti yonse, anaima pabelo kuti atiwerengere malamulo a moto. Anawerenga bwino, mawu ali gwa, ngati ali paguwa. Kusesa, kuwaza madzi, kutchinga, kuyang'ana kuseri kwa khoma. Atafika pa mlonda anatsitsa pepala, n'kutiyang'ana.

"Mlonda wa moto sachoka ola lisanakwane," anatero. "Akuitaneni ndani kaya ndani, musachoke mpaka wolowa m'malo mwanu asaine dzina lake. Ngakhale ndikuuzeni ine amene. Tisadzaonenso zimene anatichitira mkamwini wanga. Mwamva nonse?"

Anthu anayankha kuti tamva. Ine ndinadikira mpaka onse atakhala chete, kenako ndinayankha ndekha, mokweza, kuti aliyense amve.

"Tamva, a kapitao."

Apo ndiye anandiyang'ana, koyamba chichokereni amuna anga. Anapinda pepala lija n'kutsika pabelo.

Amuna anga anabwerako patapita mvula zingapo, ataonda ngati bango, akutsokomola, zala ziwiri za dzanja lamanja zitauma moti ng'oma sanaigwirenso. Ndinali nditakonza kale kuti tikakhale kwawo ku Chisepo, ndipo munda wa kwa mayi ndinausiya osacheuka. Koma tisananyamuke, iwo anaumirira kuti akatsanzike. Ndinawaletsa, ndinalalata, sizinathandize. Anapita, ananjuta pabwalo la bambo, chipewa m'manja, maso pansi. Bambo anatuluka, anaima chapatali atapereka mbali, n'kunena kuti, "Mwayenda bwanji, akamwini?" Basi. Ngati munthu amene anangopita kumsika.

Bambo anakhala moyo zaka zambiri pambuyo pake. Atadwala matenda omaliza anatuma mng'ono wanga kudzanditenga, ndipo ndinapita, poti amuna anga anandichonderera. Ndinakhala pamphasa pafupi nawo tsiku lonse, ndikudikira mawu amodzi okha. Anandifunsa za ana, za mvula, za mtengo wa feteleza. Dzuwa litapendeka anandigwira dzanja, n'kunena kuti, "Mwana wanga, tandiitana kamodzi kokha monga unkandiitanira kale."

Ndinawafunditsa bulangete bwinobwino mpaka m'mapewa, chifukwa kunkazizira.

"Gonani, a kapitao," ndinatero.